Lachitatu usiku, nkhani ya mawa palibe: mmene mungakonzere kalendala ya nkhani zotuluka sabata iliyonse

Munalonjeza owerenga anu kuti Lachinayi lililonse azilandira nkhani yatsopano. Masabata atatu kapena anayi oyamba zinayenda bwino, chifukwa nkhani zimenezo munali nazo kale m'mutu musanayambe n'komwe. Sabata yachisanu munalemba Lachitatu usiku, maso akulemera ndi tulo. Yachisanu ndi chimodzi nkhani inatuluka Loweruka. Yachisanu ndi chiwiri kunagwa maliro kumudzi ndipo simunatulutse kanthu, kenako manyazi anakugwirani moti papita mwezi osalemba. Mukayambiranso, zimabwereza momwemo.

Ine ndimalemba za ulimi wa chimanga ndi ndiwo zamasamba, nkhani imodzi pa sabata, ndipo vuto limeneli linandizunza nthawi yaitali. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti kalendala ndinali nayo. Inali ndi masiku a Lachinayi onse, ndipo pambali pa tsiku lililonse panali mutu. Ndinadzazindikira pambuyo pake kuti kalendala yotere imangokuuzani tsiku limene nkhani iyenera kutuluka, koma siyikuuzani tsiku limene muyenera kugwira ntchito. Mukaiyang'ana Lolemba imati Lachinayi likadali kutali. Mukaiyang'ana Lachitatu imati mwachedwa. Palibe tsiku limene imakuuzani kuti lero chitani chakuti.

Choncho kukonza konse kumayambira apa: tsiku lotuluka nkhani muliwerengere chobwerera m'mbuyo.

Choyamba, yezani nthawi musanajambule kanthu

Musanatsegule kompyuta, tengani nkhani imodzi imene mukulemba panopa ndipo muzilemba pakapepala nthawi imene gawo lililonse lakudyerani. Musayerekeze, yang'anani pawotchi. Ine nditayeza ndinapeza kuti kufunsa anthu ndi kutsimikizira mfundo kumanditengera maola awiri, kulemba koyamba maola awiri ndi theka, kukonza ola limodzi, ndipo kusankha zithunzi ndi kutumiza theka la ola. Onse pamodzi maola 6. Mumtima ndinkadziuza kuti ndi atatu, chifukwa ndinkangowerengera nthawi yokhala pansi n'kulemba.

Kenako werengani maola amene mulidi nawo pa sabata, mutachotsa ntchito, ana, tchalitchi kapena mzikiti, ndi kumunda. Ngati nkhani imadya maola 6 inu muli ndi 4, palibe kalendala imene ingakupulumutseni, ngakhale ikhale yokongola bwanji. Pamenepo pali njira ziwiri zokha: kufupikitsa nkhani, kapena kuuza owerenga poyera kuti muzitulutsa kamodzi pa masabata awiri. Zonse ziwiri n'zabwino kuposa kulonjeza Lachinayi n'kumabwera Loweruka. Ngati maola akukwanira koma mukuchedwabe, vuto lili m'kalendala, ndipo likhoza kukonzedwa.

Kalendala yake

Ndimagwiritsa ntchito Google Sheets chifukwa ndimatha kuitsegula pafoni ndili m'minibasi, koma Excel imachitanso zomwezo, ndipo kope la mizere ndi lula zimagwiranso ntchito. Musakonze ya chaka chonse. Masabata 13, kutanthauza miyezi itatu, ndi okwanira. Kupitirira apo mitu imene mulembe idzakhala yongodzaza malo, ndipo mukadzafikako simudzaifunanso.

Mizere yotsika ikhale isanu ndi iwiri. A ndi tsiku lotuluka nkhani. B ndi mutu. C ndi tsiku limene zonse zofunika ziyenera kukhala zitasonkhana, D tsiku lomaliza kulemba koyamba, E tsiku lomaliza kukonza. F akunena pamene nkhani yafika, ndipo G akunena chimene chikusowa. Mzere woyamba wopingasa mulembemo mayina amenewa, masabata ayambire pa wachiwiri.

Titenge miyezi ya Okutobala mpaka Disembala 2026. Pa 1 Okutobala 2026 ndi Lachinayi. Mu kabokosi ka A2 lembani tsiku limenelo, ndipo mu A3, C2, D2 ndi E2 lembani mafomula awa:

```
A2:  =DATE(2026,10,1)
A3:  =$A$2+7*(ROW()-2)
C2:  =A2-9
D2:  =A2-6
E2:  =A2-3
```

Kokerani A3 pansi mpaka A14, ndipo C2, D2 ndi E2 muwakokerenso mpaka mzere wa 14. Mzere womalizawo ukhala wa pa 24 Disembala. Mukatero nkhani iliyonse ili ndi masiku anayi m'malo mwa limodzi. Ya Lachinayi pa 5 Novembala, mwachitsanzo, zofunika zake zisonkhane pofika Lachiwiri pa 27 Okutobala, ilembedwe pofika Lachisanu pa 30 Okutobala, ikonzedwe pofika Lolemba pa 2 Novembala. Lachiwiri ndi Lachitatu imangokhala ikudikira, ndipo masiku awiri amenewo ndi amene amakupulumutsani magetsi akathima kapena bandulo ikatha.

Nambala 9 ija sindinaitole m'mwamba. Poyamba ndinaika 10, ndipo Lolemba lililonse ndinkathedwa nzeru osadziwa chifukwa chake. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti Lolemba pa 2 Novembala likanakhala tsiku lomaliza kukonza nkhani ya pa 5, komanso tsiku lomaliza kusonkhanitsa za nkhani ya pa 12. Ntchito ziwiri zolemera zinkagwera tsiku limodzi sabata iliyonse. Nditasuntha tsiku limodzi lokha, sabata inagawika bwino: Lolemba kukonza ya sabata ino, Lachiwiri kumaliza kufunsa za sabata yamawa, Lachinayi kutulutsa, Lachisanu kulemba. Inunso mukasankha manambala anu, onani kuti awiri asasiyane ndi 7 ndendende, chifukwa akatero agwera tsiku limodzi. Ngati Lachisanu simupeza mpata koma Loweruka m'mawa, ikani 5 m'malo mwa 6. Kalendala itsate sabata yanu yeniyeni.

Dziwani kuti mwa njira imeneyi nthawi zonse muli ndi nkhani ziwiri m'manja, ina ikupsa ina ikutsukidwa. Anthu ambiri zimawaopsa poyamba. Koma ntchito sinachuluke, maola akadali 6 omwe aja. Chasintha n'chakuti simukuwathera usiku umodzi.

Mu F gwiritsani ntchito mawu asanu okha, osasintha: ganizo, zasonkhana, yalembedwa, yakonzeka, yatuluka. Pewani mawu monga akuti ili mkati kapena yatsala pang'ono. Nkhani imatha kukhala mkati masabata atatu osasuntha. Mawu aliwonse mwa asanu aja ndi chinthu chimene mungatsimikize ndi maso: kaya kulemba koyamba kulipo mpaka ndime yomaliza, kaya kulibe.

Mukakhala pansi Lachisanu, mawu osabwera

Ichi ndi chizindikiro chofala kwambiri kalendala ikangokonzedwa. Tsiku lolemba lafika, mwakhala pansi pa nthawi yake, ola latha mwalemba ndime imodzi n'kuifufuta. Musathamangire kudziimba mlandu wa ulesi. Yang'anani zimene munalemba mu B.

Nthawi zambiri mupezamo mawu amodzi: Feteleza. Mvula. Tizilombo. Amenewo si mitu ya nkhani, ndi minda yaikulu imene mungalimemo nkhani makumi awiri. Mukakhala pansi ndi mawu akuti Feteleza, ola loyamba lonse limathera posankha chimene mulembe, ntchito imene inayenera kuchitika masabata awiri apitawo.

Yeso lake ndi losavuta. Mutu uyenera kukhala funso limene munthu mmodzi angakufunseni pamsika, inu n'kumuyankha muli chiimire. Feteleza si funso. Koma lakuti kodi Urea ndithire liti chimanga chikamera, limenelo ndi funso, ndipo likukuuzani kale amene mukamufunse, chithunzi chimene mukajambule, ndi pamene nkhani ithere. Mvula isanduke funso lakuti kodi ndingadziwe bwanji kuti iyi ndi mvula yodzalira osati chizimalupsa. Ngati mutu wakana kusanduka funso limodzi, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti muli nkhani ziwiri kapena zitatu mkati mwake. Zigaweni, ndipo mwadzaza masabata atatu ndi ganizo limodzi.

Sindikunena kuti mizere yonse 13 ikhale ndi mafunso akuthwa tsiku loyamba. Masabata anayi akubwerawa akhale nawo ndithu. Anayi otsatira akhoza kukhala ndi mawu amodzi aja. Otsalawo ena akhale opanda kanthu, chifukwa owerenga adzakufunsani zinthu zimene simunaziganizire, ndipo mafunso awo ndi amene amabala nkhani zabwino koposa.

Nkhani yaima chifukwa mukudikira munthu

Apa ndi pamene mzere wa G umagwira ntchito, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa masabata ambiri amene ndinaphonya anafera pomwepa.

Titsatire nkhani ya mvula yodzalira ija. Ndaiika pa 5 Novembala. Kuti ilembeke ndikufuna zinthu zitatu: mawu a mlangizi wa zaulimi, mawu a mlimi mmodzi amene anadzalapo ndi mvula yoyamba mbewu n'kupserera, ndi chithunzi cha dzanja likukumba m'mzere kuonetsa pamene chinyezi chalekezera. Mu G sindilemba kuti kufufuza. Ndimalemba kuti: kuimbira alangizi, kupita kwa amayi a kuseri kwa dambo, chithunzi cha dothi. Chilichonse chikachitika ndimachifufuta. G akakhala wopanda kanthu, F amasintha kukhala zasonkhana.

Tsiku la pa 27 Okutobala si tsiku loimba foni. Ndi tsiku limene mayankho ayenera kukhala ali m'kope. Foni yoyamba iimbidwe Lachinayi kapena Lachisanu la sabata yapitayo, pa 22 kapena 23, chifukwa munthu wa ntchito za kumunda sayankha nthawi imene inu mwafuna. Mumuimbira ali pa njinga yamoto, akuti ndikuimbirani madzulo, madzulowo foni yake yathima. Si mwano, ndi mmene ntchito yake ilili. Mukamuimbira masiku asanu tsiku lisanafike, muli ndi mpata woyesa katatu. Ndimayesetsanso kuti pa funso lililonse ndikhale ndi munthu wachiwiri amene angayankhe zomwezo.

Tsopano tinene kuti Lachiwiri pa 27 lafika, madzulo, alangizi sanapezeke ndipo wachiwiri uja ali kuchipatala ndi mwana. Cholakwa chimene ndinkachita kale ndi kudikirabe. Ndinkati mawa apezeka, mawalo n'kukhala Lachisanu, tsiku lolemba n'kudutsa, nkhani n'kubwerera ku Lachitatu usiku kuja. Lamulo langa tsopano ndi lakuti tsiku la mu C likadutsa G asanayere, nkhani imeneyo yataya malo ake. Ndimayang'ana m'munsi mwake kufuna nkhani imene sikudikira munthu. Pa 12 Novembala pali ya kasungidwe ka mbewu yogula isanadzalidwe, imene zonse ndikuzidziwa ndipo zithunzi ndili nazo. Ndimasinthanitsa mitu iwiriyi usiku womwewo. Ya mbewu ndiilemba Lachisanu pa 30, ya mvula yapeza masiku ena asanu ndi awiri.

Kusinthanitsa kuli ndi malire ake. Nkhani ya mvula yodzalira singasunthidwe kawiri katatu, chifukwa ikadzatuluka anthu atadzala kale yatha ntchito. Ikalephera kachiwiri, ndimailemba ndi zimene ndili nazo, yaifupi, mawu a mlimi uja ndi zimene ndikuzitsimikiza ndekha, osaikamo mfundo imene ndimafuna alangizi atsimikize. Nkhani ina imene yasunthidwa katatu popanda nyengo yoikakamiza ndimaichotsa m'kalendala. Kawirikawiri imakhala kuti mtima wanga sukuifuna, ndipo ikungotseka malo.

Nkhani ikutuluka pa tsiku lake, koma owerenga akuti mwachedwa

Vuto ili limabisala chifukwa kalendala imaoneka ngati ikuyenda bwino. Chizindikiro chake ndi mawu a owerenga akuti zikanabwera mwezi watha zikanatithandiza. Chimachitika n'chakuti timalemba zimene tikuona. Taona anankafumbwe m'thumba la chimanga mu Julaye, talemba za anankafumbwe. Koma munthu amafuna nkhani imeneyo mu Epulo kapena Meyi, akukolola, asanaike chimanga m'matumba.

Kukonza kwake ndi kudzaza kalendala motsatana bwino. Musayambe ndi mitu imene ikukusangalatsani. Yambani ndi nkhani zimene tsiku lake silili m'manja mwanu, ndipo iliyonse muiike masabata awiri kapena atatu chinthucho chisanachitike. Pa miyezi yathu itatu ija, kusankha mbewu kukhale kumayambiriro kwa Okutobala anthu asanagule. Mvula yodzalira kumayambiriro kwa Novembala. Feteleza wobereketsa amathiridwa patapita pafupifupi masabata atatu chimanga chitamera, choncho nkhani yake ituluke kumapeto kwa Novembala, osati pakati pa Disembala. Ya kuyendera munda kufuna ntchemberezandonda ituluke chimanga chikadali chaching'ono. Ngati owerenga anu ambiri ali kuchigawo cha kummwera, kumene mvula imakonda kuyamba msanga kusiyana ndi kumpoto, zonsezi zituluke msanga pang'ono.

Kenako onani masiku a tchuthi ndi masiku anuanu. Mu 2026, tsiku la anakubala pa 15 Okutobala likugwa Lachinayi, ndipo mzere womaliza ndi pa 24 Disembala, anthu ali kalikiliki ndi Khirisimasi. Pamasiku otere ikani nkhani yopepuka, kapena yogwirizana ndi tsikulo, osati imene mwaivutikira mwezi wathunthu. Lembaninso masabata amene mukudziwiratu kuti simudzapezeka: ukwati wa mchemwali wanu, mayeso, sabata imene inuyo mukadzale kwanu. Yang'anani masiku a mu C, D ndi E amene akugwera m'sabata imeneyo, chifukwa nkhani imene ivutike si ya sabata yomweyo yokha ayi, komanso ya sabata yotsatira. Mukatha zonsezi, mipata yotsala ndi imene mudzazemo mitu ya kumtima kwanu. Olemba za sukulu, za mpira kapena za malonda ali ndi nyengo zawonso, kutsegulira kwa teremu, mayeso a MSCE, kutsegulidwa kwa msika wa fodya, ndipo njira yake ndi yomweyi.

Sabata imene yagwa yonse

Maliro sapangana tsiku. Malungo nawonso. Masiku awiri opuma aja amateteza ku magetsi ndi netiweki, koma sangateteze ku sabata yathunthu imene muli kumudzi kapena pabedi. Chimene chimateteza ndi nkhokwe: nkhani ziwiri zomalizidwa, zokonzedwa, zithunzi zili pomwepo, zimene sizili pa tsiku lililonse m'kalendala. Zilembeni m'munsi mwa tebulo, kuyambira mzere wa 17, pansi pa mawu akuti Nkhokwe.

Nkhani ya m'nkhokwe iyenera kukhala yosaola. Isatchule mtengo wa thumba la feteleza, isanene kuti sabata yatha, isadalire nyengo. Kanoledwe ka khasu ndi chikwanje, kapangidwe ka manyowa a kompositi, kayezedwe ka kukula kwa munda ndi chingwe: zoterezi zikhoza kutuluka mu Okutobala kapena mu Malichi osasintha liwu. Ndipo ikhale yomalizidwadi. Nkhani imene yangotsala kukonza pang'ono si ya m'nkhokwe, chifukwa tsiku limene mudzaifune simudzakhala ndi mutu wokonzera kanthu.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti nthawi yolemba ziwiri zoonjezera ichokera kuti, pamene imodzi ya sabata ikuvuta kale. Ngati mukuyambiranso mutasiya, yankho ndi losavuta ngakhale limawawa: musatulutse nkhani yoyamba imene mwamaliza. Lembani masabata awiri osatulutsa, ziwirizo zilowe m'nkhokwe, muyambe ndi yachitatu. Owerenga amene adikira mwezi akhoza kudikira masabata ena awiri. Ngati muli kale pakati pa ulendo, sankhani sabata imodzi pamwezi imene nkhani yake ikhale yaifupi, monga kuyankha funso limodzi la wowerenga, ya maola awiri m'malo mwa 6, ndipo maola otsalawo apite ku nkhokwe. Pakatha miyezi itatu nkhokwe yadzaza.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi kutapa m'nkhokwe chifukwa cha kutopa chabe. Ine ndimaitsegula pa zifukwa zitatu zokha: maliro, matenda, ndi ulendo wadzidzidzi. Wachiwiri ndi kutapa osabwezera. Tsiku limene mwatulutsa ya m'nkhokwe, lembani pomwepo tsiku lobwezera, lisapitirire masabata anayi. Ngati mwapeza kuti nkhokwe yatha kawiri m'miyezi itatu popanda maliro kapena matenda, bwererani ku kuyeza maola kuja, chifukwa nkhani zanu zikudya nthawi yoposa imene muli nayo.

Tebulo lenilenilo likasokonekera

Izi ndi zazing'ono koma zimagwetsa anthu ulesi. Mukaona nambala ngati 46296 pamene mumayembekezera tsiku, palibe chaonongeka. Umo ndi mmene pulogalamu imasungira 1 Okutobala 2026 mkati mwake. Sankhani mizere A, C, D ndi E, pitani pa Format, kenako Number, kenako Date.

Mukalemba 05/11/2026 mukutanthauza 5 Novembala, koma masiku onse n'kuthawira ku Meyi, ndiye kuti tebulo likuwerenga mwa chimereka, mwezi poyamba tsiku pambuyo. Mu Google Sheets pitani pa File, kenako Settings, ndipo pa Locale sankhani United Kingdom. N'chifukwa chake ndinakupatsani DATE(2026,10,1) mu A2: fomula imeneyo imatenga chaka, mwezi, tsiku, motsatana choncho nthawi zonse.

Mukaona #REF! atadzaza mzere wa A kuchokera pakati kutsika, mwina munagwiritsa ntchito fomula yofala ija yakuti kabokosi kalikonse kaonjezere 7 pa kapamwamba pake, kenako munafufuta mzere umodzi. Unyolo unaduka pomwepo. Fomula ya A3 imene ili pamwambapa imawerengera kuchokera ku A2 nthawi zonse, choncho mukhoza kufufuta mzere wa pakati osaononga kanthu, bola A2 musamukhudze. Ndipo posinthanitsa nkhani, sunthani zimene zili mu B, F ndi G zokha. Masiku akhale pamalo pake. Mukakoka mzere wonse wopingasa, kapena mukasanja tebulo ndi Sort, mafomula amatha kusokonezeka.

Chinthu chimodzi chokha chokongoletsa ndi chimene ndimalimbikitsa, chifukwa chimagwira ntchito. Pa kompyuta, sankhani A2 mpaka G14, pitani pa Format, kenako Conditional formatting, sankhani Custom formula is, lembani izi ndi kusankha mtundu wofiira:

```
=AND($C2<TODAY(),$F2="ganizo")
```

Mzere uliwonse umene tsiku lake losonkhanitsa ladutsa koma nkhani ikadali ganizo ufiira. Kufiira kumeneko kumabwera Lachitatu, masiku asanu ndi atatu nkhani isanatuluke, nthawi yosinthanitsa ikadalipo. Ngati sukufiira pamene uyenera, onani kalembedwe ka mawu mu F, chifukwa kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa mawu akuti ganizo n'kokwanira kuti fomula isawazindikire. Kupewa zimenezi, pitani pa Data, kenako Data validation, ndipo ikani mawu asanu aja kuti muzingosankha osalemba.

Kalendala ili bwino, koma simuitsegula

Mudziwa kuti zafika apa mukaitsegula n'kupeza nkhani imene inatuluka masabata awiri apitawo ikadali pa yalembedwa. Kalendala imene ikunama simuikhulupiriranso, ndipo imene simuikhulupirira simuitsegula. Chifukwa chake nthawi zambiri n'chakuti mulibe nthawi yoikika yoionera, kapena mwaichulukitsira mizere mpaka kuidzaza kwasanduka ntchito payokha. Ndinaonapo ya mnzanga ili ndi mizere yotsika khumi ndi isanu, ya mtundu wa nkhani, ya kuchuluka kwa mawu, ya amene angaikonde. Tinachotsa yonse imene sinkamuuza chochita lero, inatsala isanu ndi iwiri yomwe ija.

Imangirireni ku chinthu chimene mumachita kale. Ine ndimaiona Lachinayi, nkhani ikangotuluka, ndisanadzuke pampando, mphindi khumi ndi zisanu. Ndimasintha ya lero kukhala yatuluka. Ndimayang'ana ya sabata yamawa, kuona ngati G wayera kuti mawa Lachisanu ndilembe. Ndimayang'ana ya masabata awiri akubwera ndi kuimba foni yake yoyamba pomwepo, kapena kutumiza uthenga. Ndimanola mutu wa sabata yachinayi kuti ukhale funso. Pomaliza ndimawerenga za m'nkhokwe. Kenako ndimakopera masiku atatu a sabata ikubwerayo pakapepala, Lachisanu kulemba chakuti, Lolemba kukonza chakuti, Lachiwiri mayankho a chakuti, n'kukamata pachitseko cha kabati, kuti ngakhale foni ithime ndidziwe chochita.

Mukafika pa mzere wa 10, umene pa chitsanzo chathu ndi Lachinayi pa 26 Novembala, onjezani mphindi zina makumi atatu. Kokerani mafomula pansi masabata ena 13, kuyambira pa 31 Disembala, mutasunthira nkhokwe m'munsi kuti ipereke malo, ndipo kufiira kuja mukufutukulire ku mizere yatsopanoyo. Ikani kaye nkhani za nyengo, kupalira, kubandira, njala ya mu Febuluwale, ndi tchuthi cha John Chilembwe pa 15 Januwale. Mukadikira mpaka mzere wa 14, nkhani ya pa 31 Disembala idzakupezani tsiku lake losonkhanitsa, Lachiwiri pa 22, litadutsa kale.